Chichewa chobisala m'maimelo a Chingerezi

Ntchito yanga ndi ya ulembi, pa ofesi ya bungwe lina laling'ono ku Zomba. Kalata iliyonse yopita kwa anzathu akunja amene amatithandiza ndi ndalama imayamba yadutsa pa tebulo langa. Amene amazilemba si anthu osaphunzira ayi. Ambiri ndi alangizi oyenda m'midzi, ena ali ndi madigiri, ndipo galamala yawo siikhala ndi vuto lalikulu. Chimene ndimasakasaka ine ndi china: chiganizo chimene mawu ake onse ndi a Chingerezi koma amene akulankhula mkati mwake ndi Mchewa.

Njira yanga yochigwirira ndi yosavuta. Chiganizo chikandikayikitsa, ndimachibweza m'Chichewa liwu ndi liwu. Chikagwa bwinobwino, osafuna kusuntha kanthu, ndimadziwa kuti chinabadwira kuno. "The car slept at the garage" chimabwerera chokha: galimoto yagona kugalaja. "I did not find you" n'chimodzimodzi: sindinakupezeni. Chingerezi chenicheni chikamabwerera m'Chichewa chimavuta, chimafuna uchitembenuze kaye.

Sikuti zonse zotere ndimazikonza. Zina zimangomveka zachilendo, wowerenga n'kumwetulira, uthenga n'kufika. Zimene ndimazichengetera nthawi ndi zija zimene wowerenga amazimva bwinobwino koma n'kumva zina. Izo ndiye zimachedwetsa ndalama ndi kudanitsa anthu.

Nayi imelo ya mtundu umene ndimakumana nawo kawirikawiri. Mayi wina wa ku Britain, woyang'anira thandizo lathu, analemba mzere umodzi wokha: "Haven't you sent the report yet?" Mlangizi wathu anakonza yankho n'kunditumizira kuti ndione lisanapite:

"Dear Madam, How have you woken up? I have heard your message. Yes, we have not sent the report. Problems have fallen at home, my small father has left us. Also the money has not come out. I will send it until Friday. Greet everyone."

Mmalawi aliyense angamve imelo imeneyi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo angaone kuti ndi yaulemu. Mayi uja akanaimva mwina theka.

Ndinayambira pa "Yes". Ife munthu akatifunsa kuti "Simunatumize lipoti?" timayankha kuti "Eya, sitinatumize." Eya wathu amavomereza zimene wofunsa wanena: mwanena zoona. Mngerezi savomereza wofunsa, amavomereza kapena kukana chochitikacho. Ngati lipoti silinapite, yankho ndi "No", funso likhale lokana kapena lovomera. Munthu wotanganidwa amene akuwerenga pa foni amaona "Yes" koyambirira kwa mzere n'kuyamba kufufuza lipoti m'maimelo ake. Ndipo apa mlangizi anachitako bwino pomaliza chiganizo. Ena amangoyankha "Yes" basi, mbali ziwirizo n'kukhala sabata yathunthu aliyense akudikira mnzake. Lamulo limene ndinapatsa anzanga ndi lakuti funso lokhala ndi "not" asaliyankhe ndi liwu limodzi. Alembe chiganizo chonse: "We have not sent it yet."

Kenaka ndinamuimbira foni mlangiziyo, chifukwa za malirozo sindikanatha kuzikonza ndili ndekha pa kompyuta.

"Pepani achimwene, ndaona kuti kwagwa zovuta. Amene atisiyawa ndi ndani kwenikweni?"

"Ndi ang'ono awo a bambo anga, mayi. Ndi amene anandilera bambo atamwalira, sukulu yonse analipira ndi iwowo."

Yankho limenelo ndi limene ndinkafuna. "Small father" m'Chingerezi ndi bambo wochepa thupi. Buku lomasulira mawu lingakuuzeni kuti mulembe "uncle", ndipo silinama. Koma "uncle" ndi liwu lopepuka. Limanyamula bambo aang'ono, bambo aakulu, malume, ngakhale amuna awo a azakhali, onse pamodzi, ndipo kwa anthu ambiri a kumeneko imfa ya "uncle" ndi nkhani ya tsiku limodzi, osati yoimitsa ntchito sabata yonse. Ukangolemba liwu lokhalo walondola, koma wataya chifukwa chimene munthuyu wachedwera. Kulemba "father" kuli ndi vuto lake: tsiku lina mayi uja adzakumbukira kuti bambo a munthu yemweyu anamwalira kale, n'kuyamba kukayika kuti mwina maliro ndi chonamizira. Ndamvapo akunja akudabwa kuti Amalawi ali ndi abambo angati. Choncho ndimalemba liwu la Chingerezi n'kuliwonjezera kulemera kumene likusowa: "my uncle, who raised me". Mawu atatu owonjezerawo akwanira. Sipafunika ndime yofotokoza chibale cha Achewa.

"Has left us" nachonso ndinachichotsa. Angerezi amazembanso imfa monga ife, koma ndi mawu awo, "passed away". "Left us" ikabwera pambuyo pa "problems at home" ingamveke ngati bamboyo wathawa banja. Ine ndimakonda "died" m'kalata za ntchito. Anzanga ena amati ndi liwu louma, losayenera munthu wamkulu, ndipo akaumirira ndimawasiyira "passed away". Koma "problems have fallen" sindilola. "Problems" kwa wowerenga uja ndi ngongole, mkangano, denga lodontha. Ife tikati kwagwa zovuta aliyense amavula chipewa. Iye sangadziwe kuti pali maliro.

Za ndalama zinali zachidule. Kwa ife ndalama zimatuluka, malipiro amatuluka, zotsatira za mayeso zimatuluka. M'Chingerezi cha m'maofesi ndalama zimamasulidwa ndi winawake, "released". Koma apa pali msampha: "the money has not come out" sichinena amene wazigwira, ndipo mayi uja akanaganiza kuti tikumuloza chala iyeyo. Nditafunsa ndinapeza kuti ndalama zinafika kale kuno, zinangochedwa kusainidwa mu ofesi mwathu momwe. Chichewa chimatilola kubisa wochita, ndipo nthawi zambiri timabisa dala posafuna kuchititsa munthu manyazi. Pa nkhani ya ndalama za eni ake, ndimalemba poyera kuti zaima pati.

Liwu limene linandidyera nthawi ndi "until". Limachokera kwa "mpaka". Ukafunsa kalipentala kuti tebulo litha liti, amayankha kuti "Mpaka Lachisanu," kutanthauza kuti usabwere Lachisanu lisanafike. M'Chingerezi "until" amayenda ndi chinthu chopitirira: kudikira, kukhala, kugwira ntchito. Kutumiza kumachitika kamodzi. "I will send it until Friday" zikumveka ngati munthu azitumiza lipoti lomwelo tsiku ndi tsiku n'kudzaleka Lachisanu. Pali mawu awiri oti usankhepo, ndipo sali ofanana. "On Friday" ndi Lachisanu lenilenilo. "By Friday" ndi tsiku lililonse, bola Lachisanu lisadutse, chimene ife timati "pofika Lachisanu". Woyamba ndi chidziwitso, wachiwiri ndi lonjezo lokhala ndi malire. Ndinamufunsa mlangizi ngati angalimbe mtima kulonjeza, iye anati angathe. Ndinawonjezeranso deti, chifukwa "Lachisanu" la munthu wolemba Lachinayi madzulo limasokoneza: la mawa kapena la sabata ya mawa?

Imelo inapita chonchi:

"Dear Ms …, Thank you for your message. We have not sent the report yet, and I apologise for the delay. My uncle, who raised me, died on Sunday and I have been away for the funeral. The funds for the last field visits are also still awaiting approval in our office. I will send the report by Friday 14 March. Please give my regards to the team."

Mwaona kuti "I have heard your message" yasanduka kuthokoza. Kumva kwathu n'kotakata: timamva mawu, timamva kuwawa, timamva fungo, timamva Chingerezi. "Ndamva" wa m'kalata amatanthauza kuti uthenga wafika ndipo ndaulandira ndi ulemu. Kumasulira liwulo sikuthandiza. Chofunika n'kufunsa kuti pamalo pamenepa Mngerezi amanena chiyani. Amathokoza. Ena amalemba "Noted", ndipo lafala kwambiri m'maofesi mwathu, koma likakhala lokha kwa munthu wamkulu limamveka ngati kutseka chitseko.

Mlangizi atawerenga anadandaula chinthu chimodzi.

"Koma mayi, moni uja mwachotseranji? Aziti ndine wamwano."

Ndinamumvetsa. Kuyamba nkhani osafunsa mmene munthu wadzukira, kwa ife n'kusaleredwa. Koma "How have you woken up?" wowerenga uja amalitenga ngati funso lenileni, ndipo ndi funso lolowerera, ngati ukufuna kudziwa ngati anadzutsidwa ndi belu kapena ndi mwana. Komanso imelo yolembedwa m'mawa ikhoza kuwerengedwa usiku. Tikafuna moni timalemba "I hope you are well", mzere umodzi, osadikira yankho. M'kalata iyi sindinauike chifukwa munthuyo anali akudikira yankho la funso lake, ndipo ulemu waukulu kwa iye unali kuliyankha msanga. Ulemu wa Chingerezi sukhala kwambiri pakhomo la kalata. Umakhala mkati mwa pempho, m'timawu ngati "could you" ndi "would it be possible". N'chifukwa chake "I am asking that you wait for me", chimene kwa ife ndi "ndikupempha" wodzichepetsa, kwa iwo chimamveka ngati lamulo.

Chimodzi chimene chimandipweteka pochikonza ndi ulemu wa kuchulukitsa. Timati "Abwana apita ku Lilongwe, abwera mawa," ndipo dzanja limalemba lokha "they will come tomorrow". Wolandira kalata amakonza mipando itatu ndi chakudya cha anthu atatu. Ndimasintha kukhala "he" kapena "she", ndikudziwa kuti ulemu uja watsala panjira ndipo palibe pouika, kupatula kutchula udindo wa munthuyo: "the Director will come tomorrow". Pamenepo ndimaonetsetsanso kuti "he" sanasanduke "she" pakati pa ndime, pakuti "iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo ngakhale odziwa Chingerezi kwambiri amapunthwa pomwepa akatopa.

Imelo ikakhala yopita kwa Mmalawi mnzathu, ku boma kapena ku bungwe lina la konkuno, zambiri mwa izi sindizikhudza. "Sorry for the funeral" wochokera kwa mnzako wa ku Mzuzu ndi "pepani" weniweni, ndipo kumusintha kukhala "Please accept my condolences" kumamuika patali ngati khadi logula m'sitolo. "We are together" ndimamusiya. "Small father" chimodzimodzi. Ndimangoyang'ana mzere wa olandira, makamaka pa Cc, kuti ndione ngati mwa anthuwo muli wina amene sanakulire kuno. Akakhalamo, ndimakonza "Yes" uja, "until" uja ndi za ndalama. Moni ndimausiya mmene wolemba anaulembera.