Njere Zisanu ndi Imodzi ndi Nsanja ya Mmisiri

Pa zithunzi zoonetsa pakhoma zimene timagwiritsa ntchito pophunzitsa alezi a sukulu za mkombaphala, pali ziwiri zimene ndimachedwapo. Choyamba chili ndi magawo anayi a kakulidwe ka nzeru za mwana, monga anawalongosolera Jean Piaget wa ku Switzerland. Kufikira zaka 2, khanda limaphunzira pogwira, kuona ndi kulawa. Kuyambira zaka 2 mpaka 7, mwana amakhulupirira kwambiri maso ake. Pakati pa zaka 7 ndi 11 amalingalira bwino pa zinthu zogwirika, kenaka amayamba kuganizira ngakhale zosaoneka.

Ambiri amakopera zakazi m'makope ngati lamulo. Ine ndimawapempha kuti ayambe ayesa okha. Yalani njere za chimanga m'mizere iwiri yolingana, uliwonse njere 6. Mwana wa zaka 5 avomera kuti n'zofanana. Tsono tambasulani mzere umodzi iye akuona, mumufunsenso. Kawirikawiri anena kuti wautaliwo uli ndi zambiri. Si umbuli ayi: akuyeza kuchuluka ndi kutalika. Zaka zapachithunzizo n'zongoyerekeza, pakuti ofufuza a pambuyo pa Piaget anapeza kuti yankho la mwana limasintha malinga ndi kafunsidwe.

Chithunzi chachiwiri chimaonetsa nsanja imene mmisiri amakwerapo pomanga khoma. Fanizoli analitchukitsa David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross mu 1976, ndipo limagwirizana ndi ganizo la Lev Vygotsky lakuti pali zinthu zimene mwana sangachite yekha koma angazithe atathandizidwa.

Pa njere zija, nsanja imamangidwa motere. Poyamba mlezi awerenge pamodzi ndi mwanayo, chala chikukhudza njere iliyonse. Kenaka mwanayo aphatikize yekha njere ya mzere uwu ndi inzake ya mzere uwo, aone ngati ina itsale yopanda mnzake. Akazolowera, atambasule yekha mzerewo, mlezi angofunsa kuti, "Kodi tawonjezerapo? Nanga tachotsapo?" Pomaliza mlezi akhale chete.

Kukhala cheteko ndiko kumavuta, makamaka pamene ana ali ambiri ndipo phala lapsa. Mlezi amafulumira kunena yankho, ana n'kubwereza onse pamodzi mokweza, iye n'kuyesa kuti amva. Chizindikiro chakuti thandizo lapyola muyeso n'chakuti mwana amayang'ana nkhope ya mlezi m'malo moyang'ana njere. Pofuna kutsimikiza, mawa lake bweretsani timiyala 8, osamuthandiza konse.

Alipo mwana amene awerenga 6 uku, 6 uko, nanenabe kuti mzere wautali uli ndi zambiri. Ameneyo musamukakamize kuvomera. Chepetsani njere zikhale 3, zimene angazione zonse nthawi imodzi, ndipo za 6 mudzabwererenso papita masabata angapo.