Tchalitchi chopanda anthu chinandinamiza

Achimwene anga aakulu ali ku Joni, ndipo mapepala awo atachedwa kutuluka zinadziwika kuti ukwati wa mwana wawo wachisamba sadzaupondako. Anandiimbira foni usiku. "Iwe ndiwe wa makamera," anatero, "undionetse mwana wanga akulumbira." Ndinavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

Zida zake si zambiri. Kamera imatulutsa chithunzi kudzera pa chingwe cha HDMI, koma laputopu siingachilandire mwachindunji, chifukwa bowo lake la HDMI ndi lotulutsira chithunzi, si lolowetsera. Mpake pakati pamafunika kapicha khadi, kachipangizo kotalika ngati chala, kolandira HDMI mbali imodzi n'kulowa pa USB mbali inayo. Laputopu imangokaona ngati kamera wamba. Kenako pulogalamu yaulere ya OBS Studio imatenga chithunzicho n'kuchitumiza pa Facebook. Mawu sindinadalire maikolofoni ya kamera, poti imatola phokoso la m'chipinda ndi kulira kwa ana. Ndinakoka chingwe kuchokera pa mikisa ya tchalitchi kuti zomwe abusa akulankhula zilowe zokhazokha.

Lachisanu madzulo ndinapita kukayesa. M'tchalitchi munali amayi awiri okolopa basi. Intaneti ndinkatenga pa foni yanga, ndipo nditayeza liwiro lotumizira ndinapeza 6 Mbps. Ambiri amangoyang'ana liwiro lolandirira, lija loonera mafilimu, pomwe woulutsa amakhalira lotumizira. Mu OBS muli malo olembedwa Video Bitrate, pomwe umasankha kuchuluka kwa zomwe uzitumiza pa sekondi iliyonse. Ndinalembapo 4000 kbps, kutanthauza 4 Mbps, poganiza kuti 2 yotsalayo ndi mpata wokwanira. Chithunzi chinali mbee. Ndinagula bandulo yokwanira, poti pa mlingo umenewo ola limodzi limadya pafupifupi 1.8 GB, n'kukagona mtima uli m'malo.

Chomwe sindinaganize n'chakuti foni zonse za m'dera zimagawana nsanja imodzi ya netiweki. Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka pakhonde, aliyense foni m'manja, kujambula mkwatibwi n'kumatumizira abale pompopompo. Mkwatibwi asanafike n'kutsogolo komwe, kachizindikiro ka pansi pa OBS kanasiya kubiriwira n'kufiira, ndipo nambala ya Dropped Frames inayamba kukwera. Nambala imeneyi imawerenga zithunzi zomwe pulogalamu yataya chifukwa njira yachepa. Chonyenga n'chakuti pa laputopu panga chithunzi chinkayendabe bwinobwino, popeza chimachokera pa kamera chisanafike pa intaneti. Ukangoyang'ana pamenepo sungadziwe kuti zinthu zavuta.

Uthenga wa achimwene unabwera: "Waima pakhomo ngati chiboliboli, mawu akudukaduka."

Thukuta linandituluka. Malumbiro anali atatsala pang'ono. Kwaya itaimirira, ndinati nthawi yake ndi ino, nyimbo akhoza kuiphonya. Ndinadina Stop Streaming, n'kulemba 1500 kbps m'malo mwa 4000. Foni ndinapatsa mphwanga kuti aiike pawindo, kutali ndi khamu la anthu. Nditadina Start Streaming kachizindikiro kaja kanabiriwira, ndipo nambala ija sinakwerenso.

Kunena zoona, chithunzi chinatsika. Anthu akamavina nkhope zinkaoneka ngati zapakidwa phala, chifukwa chithunzi choyendayenda chimafuna zambiri kuposa cha anthu oima. Koma pa malumbiro anthu amaima phee, ndiye 1500 inakwanira. Mawu nawo safuna njira yaikulu: 128 kbps inanyamula liwu lililonse la abusa.

Pambuyo pake ndinapeza kuti mu Settings, pa Advanced, muli kabokosi kochonga kuti OBS izitsitsa yokha mlingo netiweki ikapanikizika. Ndikanakachonga Lachisanu lija, mwina sindikanadula n'komwe. Masiku ano ndimakachonga, ndipo liwiro lomwe ndapeza m'tchalitchi mopanda anthu ndimaligawa patatu ndisanalembe mlingo. Chomwe ndinachita bwino tsikulo n'chimodzi: ndinadina Start Recording kuyambira pachiyambi, kotero mwambo wonse unasungika pa laputopu osaduka, ngakhale kulowa kwa mkwatibwi kuja.

Mwana wathu atanena kuti "ndikulonjeza", nthungululu zinaphulika ndipo mizere ya mawu mu OBS inafiira yonse. Foni ya mphwanga inanjenjemera, iye n'kundionetsa uthenga. Achimwene analemba kuti, "Ndamva zonse. Umuuze akweze mutu povekedwa mphete, ndione nkhope." Kumuuza sikukanatheka, anali pamaso pa abusa. Ndinangotsitsa miyendo ya kamera, n'kugwada pambali pa ankhoswe.