Ntchito ya nkhunzi inasanduka yathu

Ndili mnyamata kwathu ku Thyolo, palibe amene ankavutika kudziwa tsiku limene ng'ombe yaikazi ikufuna nkhunzi. Ng'ombe za m'mudzi zinkadyera pamodzi kudambo, zazimuna ndi zazikazi, ndipo nkhunzi inkadziwa yokha. Inkanunkhiza mkodzo, n'kupinda mlomo wam'mwamba, n'kumalondola thadzi limodzi tsiku lonse. Abusafe tinkangoonerera. Pakapita miyezi isanu ndi inayi, thole linkabadwa.

Ng'ombe zamkaka zitabwera, zinthu zinatembenuka. Ng'ombe zamawanga akuda ndi oyera zija sizipita kudambo, kuopa nkhupakupa. Zimakhala m'khola, nsenjere ndi madeya n'kumazipeza momwemo. Kusunga nkhunzi chifukwa cha thadzi limodzi kapena awiri n'kungotaya chakudya, ndiye umuna unayamba kubwera ndi alangizi a ziweto, uli m'timachubu touma gwa m'chibotolo cha nayitirojeni. Ubwino wake tinauona m'matole amene ankabadwa ndiponso m'kuchepa kwa matenda opatsirana pokwerana. Koma mlangizi samagona kukhola. Ntchito yodziwa tsiku ndi ola, imene kale inali ya mphuno ya nkhunzi, inagwera mwini ng'ombe.

Ng'ombe yosatenga bere imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 alionse, zina 18, zina mpaka 24. Chizindikiro chosanama ndi chimodzi basi: inzake ikaikwera, iyo imangoima chilili osathawa. Imene ikukwera zinzake ikhoza kukhala kuti nthawi yake yayandikira, kapena n'kusewera chabe. Yoimayo ndiyo yafika. Vuto lathu lili pomwepa, ndipo ndimaona kuti maphunziro ambiri a alimi amalidumpha. Mlimi ali ndi ng'ombe imodzi m'khola, nanga aikwere ndani? Chizindikiro chenicheni chija alimi ambiri sachiona n'komwe, moti amadalira zing'onozing'ono zimene zimabwera nacho limodzi.

Zing'onozing'onozo zimamveka bwino zikabwera pamodzi. Ng'ombe imalira kawirikawiri popanda njala, imazungulirazungulira m'khola, nsenjere n'kuzisiya. Mkaka wa m'mawa umatsika mwadzidzidzi. Kumaliseche kumatupa pang'ono, makwinya n'kufafanizika, ndipo m'kati mumafiira ndi kunyowa. Chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi chikazi choyera mbee, chonanda ngati madzi oyera a dzira laliwisi, chimene chimalendewera kapena kumatirira kumchira ndi m'ntchafu. Chikatuluka chamtundu wa mafinya kapena chonunkha, imeneyo si nthawi yoitanitsa umuna, ndi matenda a m'chiberekero ofunika dokotala wa ziweto. Amene ali ndi ng'ombe ziwiri kapena msoti wokulirapo azizitulutsira pamodzi pabwalo ladothi m'mamawa ndi madzulo, n'kukhala pomwepo mphindi 20 kapena 30 osagwira ntchito ina. Pasimenti yonyowa ng'ombe imaopa kuterereka, ndipo sikwera inzake.

Kodi n'chifukwa chiyani ola lili nkhani? Mabuku amati kuima kuja kumatenga maola 12 mpaka 18, koma ng'ombe yotulutsa mkaka wambiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, imatha kuima maola asanu ndi atatu okha kapena kucheperapo, nthawi zambiri usiku ife tili m'tulo. Dzira silituluka pamene ng'ombe ikuima. Limatuluka patapita maola 10 mpaka 12 kuimako kutatha, ndipo likatuluka limakhala ndi mphamvu kwa maola ochepa, osafika theka la tsiku. Umuna wa m'kachubu nawo ukalowa umafuna maola pafupifupi asanu ndi limodzi kuti ukhwime ndi kufika kumene dzira lidzadutse, ndipo umakhala wamoyo tsiku limodzi chabe. Choncho umuna ndiwo uyenera kufika poyamba n'kudikira dzira. Apa m'pamene panachokera lamulo limene alangizi amatiphunzitsa: mwaiona ikuima m'mawa, ipatsidwe umuna madzulo a tsiku lomwelo, mwaiona madzulo, ipatsidwe mawa m'mawa.

Mayi wina woyandikana nafe, amene ali ndi ng'ombe imodzi yokha, ndiye ndimamutenga ngati katswiri pa zimenezi, ndipo chida chake ndi kalendala yopachika pakhoma. Ng'ombe yake inabereka pa 3 Juni. Pa 10 Julaye inalira usiku wonse n'kutulutsa chikazi. Sanaitane mlangizi, chifukwa panali patangopita masiku 37, pomwe chiberekero chimafuna masiku 45 mpaka 60 kuti chibwerere m'malo. Anangolemba tsikulo, n'kuwerenga masiku 18 mpaka 24 kutsogolo, kuyambira 28 Julaye kufika 3 Ogasiti. Sabata imeneyo ankadzuka kusanache n'kukaunika kumchira ndi tochi ng'ombe isanadzuke, poti chikazi chimatuluka bwino ng'ombe ikagona pansi. Pa 31 Julaye, pokama m'mawa, mkaka unachepa ndipo chikazi chinali lende. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Achimwene, ng'ombe ija yayamba. Dzulo usiku ndinaiona ili bwinobwino."

"Chabwino mayi, ndifika cha m'ma 4 koloko. Muiike pamthunzi, madzi asaisowe."

Mawu akuti dzulo usiku inali bwinobwino ndiwo anathandiza mlangizi kusankha ola. Akanati ng'ombe yakhala ikulira kuyambira dzulo masana, kudikira madzulo kukanakhala kuchedwa, ndipo akanayenera kubwera m'mawa womwewo. Alimi ambiri amatchula nthawi imene anaona, osati nthawi yomaliza imene ng'ombe inali isanayambe, n'chifukwa chake lamulo la m'mawa ndi madzulo limawagwiritsa mwala. Ngati simukudziwa pamene yayambira, kapena mlangizi amadutsa kamodzi patsiku, kufulumira pang'ono kuli bwino kuposa kuchedwa, pakuti umuna umapirira kudikira kuposa dzira. Foni ndi njinga yamoto zatithandiza kwambiri pamenepa. Kale unkatuma mwana pa njinga yakapalasa kukasiya uthenga kumalo ogulitsira mkaka, mlangizi n'kuulandira mawa lake, nthawi itadutsa kale.

Pa 2 Ogasiti kumchira kwa ng'ombe ija kunaoneka timagazi. Ena amati ndiye kuti umuna wakanika, ena amati watenga. Onsewo amalakwa. Timagazi timeneti timabwera tsiku limodzi mpaka atatu kufuna nkhunzi kutatha, kaya ng'ombe yatenga bere kaya ayi. Phindu lake n'lakuti, ngati simunaone chizindikiro china chilichonse, timakuuzani kuti mwaphonya. Musatayenso ndalama kuitana mlangizi, werengani masiku 18 kapena 19 kuchokera pamenepo n'kuyamba kuyang'anitsitsa. Kuphonya kotereku kumachuluka m'chilimwe, udzu ukauma ng'ombe n'kuonda nthiti kuonekera. Ina imatulutsa dzira mwakachetechete, ina imasiyiratu mpaka itabwerera thupi, ndipo imeneyo mankhwala ake oyamba ndi chakudya.

Mayi uja anadikiranso kuyambira 18 mpaka 24 Ogasiti, ng'ombe osalira. Koma kusabwereza si umboni wokwanira, ndiye patatha miyezi iwiri anaitana mlangizi kudzapima ndi dzanja. Kupimako kuli ndi ntchito inanso: ng'ombe zina zochepa zimaonetsa ngati zikufuna nkhunzi zili ndi bere kale, ndipo kulowetsa chida cha umuna mpaka m'chiberekero cha yoteroyo kukhoza kuchotsa bere. Yake inapezeka kuti yatenga, ndipo atawerenga masiku 280 kuchokera pa 31 Julaye, analemba sabata yoyamba ya Meyi.