Mapepala atatu ndisanakwere padenga

Ine ndine wokhoma madenga. Ntchitoyi ndinaiphunzirira kwathu, komwe munthu amakwera pa katawala wa bulugamu atavala masilipasi, koma pano ndimagwira ku Joni, pa nyumba zosungiramo katundu ndi mafakitale. Kuno pageti safunsa kaye luso. Mkulu woona za chitetezo amafuna mapepala, awajambule, awaike m'failo ya chitetezo, ndipo pepala limodzi likasowa umabwerera ndi kamba wako wa masana.

Loyamba ndi la chipatala. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa a 2014 amati wogwira ntchito pamalo omanga akhale ndi satifiketi yosonyeza kuti thupi lake likuyenera ntchitoyo, yolembedwa ndi wachipatala woona za umoyo wa pantchito. Amayeza maso, makutu, mapapo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'kufunsa ngati umagwa khunyu kapena umachita chizungulire. Makontilakitala ambiri amaifuna chaka ndi chaka. Anzathu angapo amisiri enieni agwera apa chifukwa cha bipi yomwe sankaidziwa, ndipo ena atayamba mankhwala anabwereranso kuntchito.

Lachiwiri ndi la chithandizo choyamba. Si aliyense ayenera kukhala nalo: antchito akaposa 10 pamafunika munthu wophunzitsidwa, ndipo mmodzi amakwanira anthu 50. Satifiketiyi imakhala zaka zitatu. Mnyamata amene akufuna ntchito ndimamuuza kuti aitenge ndithu, chifukwa kontilakitala wamng'ono amasangalala kupeza mmisiri yemwenso akutseka mpata umenewu m'failo.

Lachitatu, la kugwira ntchito pamwamba, ndi lomwe ndikufuna kukhalapo. Maphunziro ake ndi a tsiku limodzi kapena awiri, ndipo alipo ogulitsa satifiketi popanda kukulowetsa m'kalasi. Wogula yotereyi amaonekera msanga. Folomani amangomupatsa hanesi, lamba uja wogwira thupi lonse, n'kumuuza kuti avale. Wophunzira amayamba wayendetsa zala pa malamba kufuna pong'ambika, popserera ndi moto wa kuwotcherera, kapena posokedwa pomwe ulusi wamasuka. Amawerenga kachikwangwani ka tsiku lomwe hanesiyo inayenderedwa, amayesa ngowe ngati ikudzitsekera yokha, kenako amamanga malamba a m'ntchafu mpaka dzanja lotambasula lokha lizilowa. Wogula pepala amangoiponya paphewa ngati jekete.

Koma funso lomwe abwana odziwa ntchito amafunsa ndi la masamu. Tinene kuti tikukhoma malata pa nyumba yotalika mamita 5, ndipo poti n'kukola ngowe ndi pachitsulo chomwe wapondapo. Chingwe cha hanesi ndi mamita 2. Pachingwepo pali kathumba komwe kamang'ambuka munthu akagwa, kuti msana usalandire mphamvu yonse nthawi imodzi, ndipo kangathe kutalika mpaka mamita 1.75. Kuchokera pamphete ya kumsana kufika kumapazi, pamodzi ndi kutamuka kwa hanesi, timawerengera mamita 2. Timaonjezapo mita imodzi yoti mapazi asakhudze pansi. Zonse pamodzi ndi mamita 6.75. Ndiye kuti pa denga la mamita 5 munthu wovala bwinobwino, wokola ngowe yake, angathe kumenya simenti chingwe chisanamalize kumugwira. Yankho ndi kukola pamwamba pa mutu ngati malo alipo, kugwiritsa ntchito chingwe chodzikulunga chokha chomwe chimagwira msanga, kapena kufupikitsa chingwe kuti munthu asafike n'komwe m'mphepete. Ine ndimakonda njira yomalizayi, ngakhale anyamata amadandaula kuti ikuwamanga ngati mbuzi.

Chingwe chikagwira, nkhani sinathe. Munthu wolendewera osagwedezeka, malamba amamufinya m'ntchafu, magazi amadikha m'miyendo, ndipo angathe kukomoka m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake dongosolo loteteza anthu ku ngozi ya kugwa, lomwe kontilakitala ayenera kulemba ntchito isanayambe, limanenanso za kapulumutsidwe: atsitsa ndani, ndi makwerero kapena makina ati, ndipo wachithandizo choyamba ali kuti. Kulemba kuti tidzaimbira ambulansi sikokwanira. M'mawa uliwonse tikamakambirana za ntchito ya tsikulo, ndimafunsa kuti kiyi ya makina okwezera anthu ili ndi yani, chifukwa nthawi zambiri imapezeka m'thumba mwa munthu amene watumidwa kukagula misomali.

Malo atsopano aliwonse amakuphunzitsanso malamulo awo tsiku loyamba n'kukusainitsa, ngakhale mapepala onse atatu uli nawo. Masatifiketi enieni ndimasunga kunyumba, m'foni muli zithunzi zake, ndipo masiku otha ntchito ndinawalemba pakalendala. Ya kugwira ntchito pamwamba makampani ambiri amafuna uikonzenso pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, choncho ndimafunsa kontilakitala asanandilembe kuti iye amawerengera zingati, komanso alipire ndani.