Magazi ni yomweyo, nanga manambala yasiyana bwanji?

Kuchokera pomwe batate banagwa na sitiroko kunyumba kwathu ku Palabana, nkhani ya mafuta ya m'magazi nimaiyopa maningi. Mu Febuluwale ninapimitsa kolesitero pa kiliniki ina mu tauni, inatuluka 4.6. Ninakondwera mpaka ninagula michopo. Mu Meyi banatipima ku nchito na kamakina kolasa pa chala: 5.8. Patapita masabata yawiri ninabwerera ku labu: 5.4.

Manje nikhulupirire iti? Ninayamba kuganiza kuti wina anidyera ndalama. Mkazi wanga anabisa mabisi na mazira, ati ndivo vizanipaya. Munthu wa ku Palabana, kwao kwa mkaka, kumuletsa mabisi!

Ba sisita bamene banaona mapepala yonse yatatu bananifunsa chinthu chimodzi chabe: "Mu Febuluwale munali bwino?" Ndipo ninakumbuka. Panali patapita masiku 10 kuchokera pomwe ninasiliza mankhwala ya malungo. Thupi ikamamenyana na matenda monga malungo, olo pambuyo pa opaleshoni, kolesitero imatsika, ndipo imatenga masabata kuti ibwerere pamalo pake. Ngati munadwala kwambiri, ni bwino kuyembekeza miyezi iwiri olo itatu. Nambala ija ninagulira michopo ndiyo inali yonama.

Za 5.8 na 5.4 sibanadabwe nazo. Kolesitero siikhala malo amodzi monga msinkhu. Mwa munthu mmodzi imasewera pafupifupi 6 peresenti, kukwera olo kutsika: pa 5.5, ndiye kuti 0.3 uku na uku. Makina nayo yali na kusiyana kwake, maka-maka tuja twa pa chala. Olo chabe kuimilira nthawi itali pa mzere, kapena lamba kukhalitsa pa mkono potenga magazi, kumakwezako nambala pang'ono.

Chinanidabwitsa ni LDL, ija yoipa imene imatseka mitsempha. Malabu yambiri siyaipima, yamaichita masamu: kolesitero yonse, kuchotsa HDL, kuchotsanso TG yogawa na 2.2. Pa pepala yanga ya labu: 5.4, chotsa 1.2, chotsa 1.0, kutsala 3.2. TG ni mafuta yamene yamakwera mukadya. Yanga inali 2.2 chifukwa ninapita na njala. Nikanayamba nadya vitumbuwa n'kufika 3.3, LDL ikanaoneka 2.7, munthu mmodzimodzi, m'mawa womwewo. TG ikapitilira 4.5, masamu aya siyagwira nchito.

Ba sisita banati tisiye ya Febuluwale, tione ziwiri za Meyi pamodzi: nili pa 5 na hafu, yokwerako pang'ono, ndipo na mbiri ya batate siyonyalanyaza. BP nayo banaipima. Nizabwerera mu Ogasiti, labu imodzimodzi, m'mawa, nisanadye, nitakhala pansi mphindi zisanu. Michopo nachepetsa. Nkhani ya mabisi tikali kukambirana na bamake mwana.