Bonasi ya R500 imene inandimangira ndalama ya msonkho

Anzanga apaulendo, ndikuuzeniko zomwe zinandionekera ku Joni. Nditamaliza kuoda katundu ndinatsala ndi R500 yoti ndikawonjezere pa msonkho pa Mwanza. Ndikudikira basi pa Park Station, pafoni panabwera uthenga wa kampani ina yobetcha mpira: ika R500, tikupatsa R500 ina. Ndinaika. Madzulo ake akaunti inkaonetsa R1,300, koma nditati nditape, inakana.

Apa m'pamene ndinawerenga timalemba tating'ono tija. Panali mawu akuti rollover 6x pa ndalama yanga ndi bonasi pamodzi. Tanthauzo lake, R1,000 ija ndiibetche mobwereza mpaka zonse zomwe ndabetcha zikwane R6,000, m'masiku 7, ndipo tikiti iliyonse ikhale ya matimu atatu. Ine n'kuti nditabetcha R800 yokha. Yanga yomwe ija inali itamangidwa limodzi ndi yawo.

Masamu ake ndinawachita mochedwa, tili pa mzere pa Beitbridge. Tiyerekeze masewero amene mbali zonse ziwiri zili pa 1.90. Mukaika R100 uku ndi R100 uko, mwatulutsa R200 koma yobwerera ndi R190. Ndiye kuti pa R100 iliyonse yomwe mwabetcha, kampani imadyapo R5. Akadalola timu imodzi pa tikiti, kuzungulitsa R6,000 kukadandidyera pafupifupi R300, bonasi n'kukhalabe ndi kaphindu ka R200. Koma matimu akakhala atatu, kampani imadya pa timu iliyonse, ndipo pa R100 pamachoka pafupifupi R14. Pa R6,000 imeneyo ndi R850, yolipira kuti ndilandire mphatso ya R500! Tsiku lina mwayi ungakugwereni, sindikukana, koma malonda otere palibe wa ife angawavomere ku Chinatown kapena ku Limbe.

Masiku 7 aja nawonso sanaikidwe poganizira munthu wapamsewu. Awiri anathera m'basi, Zimbabwe yonse mpaka Tete foni ilibe netiweki. Pothamangira kukwanitsa, ndinayamba kuika ndalama zikuluzikulu pa maligi omwe sindiwadziwa n'komwe, ndipo tisanatuluke m'Joni kwenikweni theka linali litapita. Yotsalayo inatha nditafika kunyumba.

Tikiti yaulere yomwe amapatsa osaikako kanthu sindiikana, bola mudziwe kuti kawirikawiri amakupatsani phindu lokha. Ya R50 pa 2.00 ikawina mulandira R50, osati R100, ndipo nthawi zina nayonso amafuna muizungulitse.

Panopa ndisanadine kuvomera bonasi ndimayang'ana chinthu chimodzi choyamba: kuchulukitsako kuli pa bonasi yokha, kapena ndi ndalama yanga yomwe? Pa bonasi yokha, 6x ija ikadakhala R3,000. Ikakhala pa zonse, ndiponso akufuna matimu angapo, ndimaisiya.

Pa Mwanza paja anandibwereka ndi mayi ena omwe tinakhala nawo mpando umodzi. Ndinawabwezera patatha sabata ziwiri, nditagulitsa mabulangete.