Mwala wa pa mphete umayesedwa ndi mchenga wa pakhomo

Ntchito yanga ndi kusema miyala ya mtengo wapatali ndi kuiika pa siliva, ndipo ndimaigwirira kuno ku Mulanje Mission. Ambiri amene amafuna mphete ya chinkhoswe kapena ya ukwati amayamba kufunsa za mtundu: kodi ulipo wobiriwira, ulipo wofiirira? Funso limenelo ndi labwino, koma ine ndimati lizibwera pambuyo. Loyamba ndi lakuti dzanja lodzavala mpheteyo limagwira ntchito yanji kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mfundo yanga ndi yakuti mwala wovala pachala tsiku ndi tsiku uyenera kukhala wolimba kuposa mchenga, ndipo usakhale wong'aluka msanga ukagunda chinthu. Umene walephera chimodzi mwa ziwirizi malo ake kawirikawiri ndi pa tcheni cha m'khosi, ngakhale utakongola motani.

Muyeso umene timagwiritsa ntchito anaukonza ndi Mjeremani wodziwa za miyala, Friedrich Mohs, mu 1812. Anatenga miyala khumi n'kuiika pa mndandanda potsata kuti uti umakanda unzake. Wofewetsetsa, talaki, anaupatsa 1, ndipo dayamondi, amene palibe mwala wina wachilengedwe womukanda, anam'patsa 10. Pakatipo pali manambala ochepa amene wogula ayenera kuwasunga: kwatsi, mwala wa nsangalabwi zoyera za mumtsinje, ali pa 7, topazi ali pa 8, korandamu, amene akakhala wofiira timati rube ndipo akakhala wa mtundu wina timati safiro, ali pa 9. Chikhadabo cha munthu chili pa 2.5, galasi la pa zenera pa 5.5, tupa yachitsulo pafupifupi 6.5. Manambalawa amangonena amene ali patsogolo pa mnzake, sanena kutalika kwa mpata pakati pawo. Kuchoka pa 9 kufika pa 10 kumaoneka ngati sitepe imodzi, koma dayamondi amaposa korandamu katatu kapena kanayi.

Nambala imene ili ndi nkhani yaikulu ndi 7, ndipo chifukwa chake chili pansi pa mapazi athu. Phiri la Mulanje ndi la miyala ya sayenaiti ndi giranaiti, ndipo ikamaphwanyika, timiyala ta kwatsi ndi timene timakana kusanduka dothi. Timeneto ndi timene Likhubula, Ruo ndi mitsinje ina imatsitsa ngati mchenga, ndipo tili m'fumbi la mumsewu m'chilimwe. Ndiye taganizirani dzanja la mayi wa kuno: limakwecha poto ndi mchenga ndi phulusa, limachapa pa mwala, limagwira khasu, limasesa pabwalo, mwina limathyola tiyi ku esiteti. Nthawi zonsezi mwala wa pa mphete ukukhuzana ndi kwatsi. Ngati uli pansi pa 7, kamchenga kalikonse kamasiya kamzere kosaoneka ndi maso, ndipo timizereto tikachuluka kuwala kumazimirira, mwala n'kuyamba kuoneka ngati wachita nkhungu. Ngakhale kuupukuta ndi nsonga ya chitenje kumauwononga, chifukwa nsaluyo imakoka fumbi pamwamba pake. Mwala umene uli pa 8 kapena 9 mchenga umangodutsapo osasiya kanthu.

Tiyerekeze kuti mnyamata akufuna mphete ya chinkhoswe ya mtsikana amene akaweruka ku ntchito amaphika ndi kuchapa yekha, ndipo pa tebulo pali miyala inayi. Woyamba ndi malakaiti, wobiriwira wa mizeremizere, umene umachokera ku migodi ya mkuwa ya ku Congo ndi Zambia. Uli pakati pa 3.5 ndi 4, kotero mpeni wa kukhitchini umaukanda, ndipo madzi a mandimu kapena viniga amaudya. Pachala sungathe chaka uli wowala, koma pa chifuwa, polendewera pa tcheni cha pa Sabata, ukhoza kukhala zaka zambiri osasintha. Wachiwiri ndi ametisiti wofiirira, amene ali kwatsi yemweyo, pa 7. Ameneyu ali pa malire: mchenga sumukanda msanga, koma zinthu zolimba mofanana zimadyana pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka m'mphepete mwa nkhope zake mumabuntha. Wachitatu ndi akwamarini wa ku Mzimba, wa mtundu wa madzi oyera a m'nyanja, pakati pa 7.5 ndi 8. Ameneyu wadutsa mchenga, ndipo akakhala woyera m'kati, wopanda ming'alu, ndimamuvomereza ndi mtima wonse. Wachinayi ndi safiro wa ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, kumene korandamu anapezeka mu 1958. Pa 9, mwala umenewu mdzukulu adzaulandira ukadali ndi ngodya zakuthwa. Ndalama zikalola, safiro kapena rube ndiye woyenera. Zikapanda kulola, akwamarini. Ametisiti akhale wa munthu amene wauzidwa zoona za malire ake. Malakaiti apite m'khosi.

Wina anganene kuti ngati zili choncho nkhani yatha, tizingosankha nambala yaikulu. Apa ndi pamene muyeso wa Mohs umasocheretsa amene amaudalira wokha, chifukwa umayesa kukandika basi, osati kupirira kugunda. Miyala ina ili ndi njira m'kati mwake imene imang'alukira, monga chikuni chimene nkhwangwa imachiwaza mosavuta ikatsata mitsempha yake koma imalephera ikadula chopingasa. Topazi ali pa 8, komabe akagunda pa mpopi kapena pa simenti molunjika njira imeneyo amagawika pawiri bwinobwino. Dayamondi weniweniyo amabenthuka m'mphepete pa chifukwa chomwechi. Emarodi wa ku Kagem ku Zambia ndi wa banja limodzi ndi akwamarini ndipo nambala yawo ndi imodzi, koma pafupifupi emarodi aliyense amakhala ndi timing'alu m'kati, timene ogulitsa amatibisa ndi mafuta. Sopo ndi madzi otentha zimachotsa mafutawo, ndipo kugunda kumodzi kumakuza mng'alu. Tanzanaiti wa ku Merelani ku Tanzania, amene anadziwika mu 1967, ali ndi zofooka zonse ziwiri: ali pakati pa 6 ndi 7, komanso amang'aluka. Ndi wokwera mtengo, koma malo ake ndi m'khosi kapena pa ndolo. Korandamu alibe njira yong'alukira yotere, ndipo ichi, kuposa nambala 9, ndi chimene chimandichititsa kumuika patsogolo pa mphete za tsiku ndi tsiku.

Mbali ina ya mfundo yomweyi imakomera mwala wotchipa wa kwathu konkuno. Ageti wa mtundu wa mtambo wochokera ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, ali pakati pa 6.5 ndi 7, kutanthauza kuti mchenga umamufika. Koma m'kati mwake ndi timakristalo ting'onoting'ono tolukana, ndipo mng'alu ukayamba supeza njira yopitira. Akasemedwa mobulungira pamwamba, popanda ngodya, amapirira kugunda kuposa miyala yambiri yodula, ndipo kuwala kukachepa ndi ntchito yochepa kumupukutanso pa gudumu. Choncho kwa bambo wogwira ntchito za manja amene akufuna mphete ya mwala, ageti ndi chisankho chanzeru kuposa topazi, ngakhale pa mndandanda ali m'munsi.

Kutsutsa kwina kumene ndimakulemekeza ndi kwakuti mmisiri wodziwa akhoza kuteteza mwala wofewa ndi kaikidwe kake. Ndi zoona mbali ina. Mwala wogwidwa ndi timano tinayi n'kutukulidwa pamwamba umakhala poyera, ndipo chilichonse chimayamba kugunda iwo. Wozunguliridwa ndi mkombero wa siliva n'kutsitsidwa pafupi ndi chala umatetezeka m'mbali, kumene kubenthuka kumayambira. Emarodi, gareneti ndi ametisiti amapindula kwambiri ndi kaikidwe kotere. Koma mkombero suphimba nkhope ya pamwamba, ndipo mchenga umadya pomwepo. Kaikidwe kamathetsa vuto la kugunda, kukandika kumatsala. N'chifukwa chake opalo, pakati pa 5.5 ndi 6.5, kapena sodalaiti wabuluu wa ku Chitipa, pakati pa 5.5 ndi 6, sasanduka miyala ya tsiku ndi tsiku chifukwa choti wazunguliridwa bwino.

Ena amati mwiniwake azingovula mphete asanagwire ntchito. Pa mphete ya ku ukwati wa mnzako kapena ya ku tchalitchi, malangizowa amagwira, ndipo mphete yotere ikhoza kunyamula mwala uliwonse. Koma ya chinkhoswe ndi ya ukwati anthu amaiveka kuti isachoke, ndipo dzanja lotunga, kuphika, kusambitsa ana ndi kutsuka silingavule ndi kuvala tsiku lonse. Mphete yovulidwavulidwa ndi imene imatsala pa mwala wochapira kapena kugwera m'ngalande. Si chilungamo kugulitsa mwala wosayenera kenako n'kusenzetsa wogula udindo wousamala ngati dzira pamene iye amafuna kuuvala.

Wogula akhoza kudziyesera yekha zambiri ndi kagalasi kokuza kakhumi. Mzere umene nkhope ziwiri za mwala zimakumana uyenera kuoneka wakuthwa ndi woongoka. Ukakhala wobuntha, woyererako, wa timabala, mwalawo ndi wofewa kapena wavalidwa kale, ndipo nthawi zambiri chizindikiro chimenechi ndi chimene chimaulula galasi lopaka mtundu limene likugulitsidwa ngati rube. Tithovu tobulungira ta mpweya m'kati timasonyezanso galasi. Mng'alu wofika pamwamba ndi woopsa kuposa kadontho kobisika m'kati. Chimene ndimakaniza ndi kukanda mwala wosemedwa kale ndi tupa kapena mwala unzake pofuna kuuyesa. Kuyesa kotero ndi kwa mwala wosasema, pamalo amene adzadulidwe, ndipo sikusiyanitsa rube wa m'nthaka ndi wopangidwa m'fakitale, pakuti onse ali pa 9.

Pa mphete ya safiro, chimene chimayamba kutha ndi chitsulo. Siliva ndi golide weniweni ali pakati pa 2.5 ndi 3, ndipo ngakhale atasakanizidwa ndi mkuwa amakhalabe pansi kwambiri pa mchenga. Timano togwira mwala timapyapyala chaka ndi chaka mpaka kamodzi kakoledwa m'nsalu n'kupindika. Kamodzi pa chaka gwedezani mpheteyo pafupi ndi khutu kapena kankhani mwalawo pang'ono ndi chikhadabo. Ukamveka kapena kusuntha, ipite kwa mmisiri isanavalidwenso. Ndipo posunga, mphete ya safiro ikulungidwe m'kansalu kakekake, chifukwa ikakhala m'kachitini kamodzi ndi malakaiti kapena ametisiti wa m'khosi, ndi iyo imene idzawakande.